Bonasi yosainira inandibwerera ngati ngongole: mmene ndinaphonyera madeti awiri

Imelo ija inafika Lachitatu cha m'ma 10 m'mawa, patangotha sabata imodzi ndipereke notisi. Mutu wake unali wa ulemu bwinobwino, zoti akundifunira zabwino kumene ndikupita, ndiye ine nkumati ndi zija za masiku onse zobweza laputopu ndi makiyi. Nditatsika pansi ndinapeza katebulo kamizere itatu, ndipo mzere womaliza unali woti ndikuyenera kubweza 6,000 ku kampani pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku langa lomaliza. Ndinawerenga kawiri, ndinadzuka kukamwa madzi, ndinabwerera, nambala ili pompo.

Manambala amene ndilembe muno ndawasintha pang'ono kuti akhale osavuta kuwerengera, koma kagawidwe kake ndi momwemo mmene zinalili. Kampaniyo sinditchula, komanso kunena zoona sanandibere, zonse zinali pa pepala limene ndinasaina ndekha ndi cholembera changa. Chimene chinandigwetsa ndi masiku, ine ndimawerenga masiku anga m'mutu pomwe pepala limawerenga ena.

Ndiyambe pachiyambi. Atandiitana kuti ndapambana intavyu, malipiro amene ananena anali 4,000 pamwezi asanadule msonkho, ine ndimafuna oposa pamenepo. Anandiuza kuti pa giredi imeneyo sangakweze chifukwa ena amene ali pa giredi yomweyo angadandaule, koma atha kundipatsa bonasi yosainira ya 12,000, ndiye kuti malipiro a miyezi itatu nthawi imodzi. Makampani amaikonda njira imeneyi chifukwa bonasi amapereka kamodzi basi, pomwe akakukwezera salale ndiye kuti azilipira mwezi ndi mwezi mpaka kalekale, ndipo ma inkirimenti onse a kutsogolo amawerengedwa kuchokera pamenepo. Nthawi imeneyo zimenezi sindinaziganize, ndinangomva 12,000 makutu nkutsekeka.

Kontrakiti yeniyeni ndinaiwerenga ndithu, za maola, za tchuthi, za notisi ya miyezi iwiri. Koma nkhani ya bonasi sinali mu kontrakiti, inali mu kakalata kena kapadera ka tsamba limodzi ndi theka, kamene anandipatsa tsiku loyamba pamodzi ndi mafomu a banki, a penshoni ndi a inshuwalansi. Mayi wa ku ofesi yoona za antchito amangondilozera kuti sainani apa, apa ndi apa. Ndinafunsa ndithu kuti kodi bonasiyi ili ndi zomangira, iwo nkuti "ee, mungokhala nafe zaka ziwiri basi, mukachoka msanga mumabweza kagawo". Mawu amenewo ndi amene ndinasunga m'mutu kwa zaka ziwiri, zaka ziwiri ndi kagawo. Kalata ija ndinaiponya mu envelopu osaitsegulanso.

Ntchito ndinayamba pa 1 Malichi. Bonasi sinabwere pompo, inadikira kuti ndimalize pulobeshoni ya miyezi itatu, ndiye inalowa limodzi ndi malipiro a Juni, pa 28. Ndipo sinalowe 12,000 ayi, inalowa 8,400, chifukwa bonasi ndi malipiro ngati ena onse, msonkho umadulidwa, kwa ine unadya 30 pa 100 iliyonse, ndiye 3,600 inapita ku msonkho ndisanaione nkomwe. Zinandiwawa pang'ono koma 8,400 inali yambiribe. Ndinabweza ngongole ina imene imandisowetsa tulo, ndinalipira dipoziti ya nyumba yapafupi ndi ntchito, zotsala zinangosungunuka mmene ndalama zimachitira, pofika Seputembala panalibe ndi kakobidi komwe.

Chaka choyamba chinayenda bwino. M'chaka chachiwiri kampani inayamba kusamutsa zinthu zake zonse kupita pa sisitimu yatsopano, ntchito inachuluka ndipo anthu anayamba kuthawa, m'dipatimenti mwathu anachoka atatu miyezi iwiri yokha. Apa ndi pamene inabwera bonasi yachiwiri, ija yoti usachoke, ena amati ritenishoni. Bwana anandiitana mu ofesi natseka chitseko, nkundipatsa kalata yoti ndikakhalabe mpaka pa 31 Januwale chaka chotsatira, tsiku limene amayembekeza kuti pulojekiti ikhala itatha, adzandipatsa 6,000. Anati ndisauze anzanga chifukwa si onse alandira. Iyinso ndinangoiyang'ana pa nambala ndi pa deti, ndinasaina, inapita mu envelopu momwe muja.

Mabonasi awiriwa amafanana dzina koma amagwira munthu mosiyana. Yosainira amakupatsa kaye ndalama, iwe nkutsala ndi udindo wokhala, ndiye mpaka tsiku lomaliza litakwana ndalamayo ndi ngongole chabe imene ikukhululukidwa pang'onopang'ono kapena nthawi imodzi kumapeto. Yoti usachoke nthawi zambiri imakhala lonjezo, ndalama ili kutsogolo, ukafika umalandira, ukapanda kufika palibe chobweza koma palibenso cholandira. Ndati nthawi zambiri chifukwa mnzanga wina wa dipatimenti ina, tinadzakambirana pambuyo pake, yake anamupatsiratu theka tsiku losaina, ndipo theka limenelo linali ndi lamulo lobweza ngati la bonasi yosainira lija. Ndiye dzina la bonasi lisakupusitseni, funso ndi loti ndalama yalowa kale kapena sinalowe, ndipo ngati yalowa ikhala yanuyanu liti.

Mu Disembala wa chaka chachiwiri kunabwera mwayi wina kwina, ntchito yabwino, malipiro okwerapo. Ndinakhala pansi ndi kalendala nkupanga pulani imene ndinaiona ngati yanzeru kwambiri, mpaka ndinawauza mayi akunyumba monyadira. Notisi ndi miyezi iwiri, ndikapereka pa 2 Januwale tsiku lomaliza likhala pa 1 Malichi. Pa 31 Januwale ndidzakhala ndikadali pa desiki yanga, ndiye 6,000 ya ritenishoni ndi yanga. Pa 1 Malichi ndikhala nditakwanitsa ndendende miyezi 24 chiyambireni ntchito, ndiye bonasi yosainira sindibweza kalikonse. Zonse zimagwirizana bwino moti ndinauza a ntchito yatsopano kuti ndiyamba sabata yoyamba ya Malichi, ndinasaina kontrakiti yawo, ndipo pa 2 Januwale m'mawa ndinatumiza kalata yosiya ntchito.

Ndiye imelo ija. Madzulo ake ndinasakasaka envelopu, ndinaipeza pansi pa mapepala a lendi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawerenga makalata onse awiri mzere ndi mzere, chala chili pa pepala ngati mwana wa sukulu. Sindinamvetse zonse, ndiye Loweruka ndinapita nawo kwa alamu anga amene agwira ntchito ya zamalipiro kwa zaka zambiri. Anavala magalasi, anawerenga osayankhula, kenako anatenga pensulo nkudula mizere pansi pa malo anayi. Anandiyang'ana nati "alamu, inu munawerenga nambala, anzanuwa analemba masiku".

Malo oyamba anali a tsiku loyambira kuwerenga. Ine ndimawerenga kuchokera pa 1 Malichi tsiku limene ndinalowa pa geti. Kalata imati miyezi 24 kuchokera tsiku limene bonasi yalipidwa. Bonasi inalipidwa pa 28 Juni, ndiye zaka ziwiri zanga zimatha pa 28 Juni, osati pa 1 Malichi. Miyezi pafupifupi inayi imene ndinagwira ntchito bonasi isanalowe sinali mu masamu awo. Ndipo onani mmene zimakhalira, kuchedwa kulipira kumene kunandinyansa nthawi ija kunakankhiranso kutsogolo tsiku langa lomasuka, ndinaluza kawiri pa chinthu chimodzi.

Malo achiwiri anali a tsiku loimitsira kuwerenga, ndipo awa ndi amene anthu ambiri amagwerapo. Kalata simati ukachoka isanathe miyezi 24 ayi, imati ukachoka kapena ukapereka notisi yosiya ntchito isanathe miyezi 24. Mawu ochepa omwewo, kapena ukapereka notisi. Ndiye wotchi yanga inaima pa 2 Januwale m'mawa pamene ndinadina batani lotumiza, miyezi iwiri imene ndinagwirabe ntchito pambuyo pake, kuphunzitsa wolowa m'malo mwanga, kumaliza pulojekiti yawo, sinawerengedwe. Kuchokera pa 28 Juni chaka choyamba kufika pa 2 Januwale chaka chachitatu ndi miyezi 18 yathunthu. Ine m'mutu ndinali ndi 24, pepala linali ndi 18.

Malo achitatu ndi kagawo kaja ananena mayi aja. Ine ndimaganiza kuti ngongoleyo imachepa mwezi ndi mwezi, kuti mwezi uliwonse ndikagwira ntchito 500 ikuchoka, chifukwa 12,000 kugawa ndi 24 ndi 500. Zikanakhala choncho, pa miyezi 18 ndikanatsala ndi miyezi 6, ndiye kuti 3,000. Akanawerenga mpaka tsiku langa lomaliza, miyezi 20, ndikanabweza 2,000 yokha. Koma yanga inali yamasitepe awiri: ukachoka m'miyezi 12 yoyamba ubweza yonse, ukachoka pakati pa mwezi wa 13 ndi wa 24 ubweza theka. Pa masitepe, wochoka mwezi wa 13 ndi wochoka mwezi wa 23 amabweza chimodzimodzi, palibe zoti ndinatsala pang'ono. Ndipo yanga inali yabwinoko, alamu anati anaonapo makalata opanda sitepe nkomwe, oti olo utatsala ndi sabata imodzi umabweza yonse.

Malo achinayi ndi amene anandipweteka kwambiri mumtima, chifukwa pena ponsepo ndimatha kunena kuti ndi kusawerenga kwanga, koma apa ndinaona ngati ndikulipira ndalama imene sindinaidye. Kalata imati zobweza ziwerengedwa pa gulosi, ndiye kuti pa ndalama yonse asanadule msonkho. Theka la 12,000 ndi 6,000. Koma mu akaunti mwanga munalowa 8,400, theka lake ndi 4,200. Kusiyana kwake, 1,800, ndi ndalama imene inapita ku msonkho, sinadutse m'manja mwanga, koma ndine ndimayenera kuitulutsa m'thumba. Ndinawafunsa alamu kuti zimenezi ndi chilungamo? Anaseka nati kampani nayo m'buku mwake munatuluka 12,000 yonse, iwo sasamala kuti inagawika bwanji panjira, ndipo msonkho uja anaupereka m'dzina langa, ndiye woutsatira ndine. Tangoganizani amene wachoka m'chaka choyamba pa kalata ngati yangayi, analandira 8,400 koma abweza 12,000.

Za msonkho umenewu malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Chimene chimathandiza kudziwa ndi choti zimakhala zosavuta ngati kulandira ndi kubweza zachitika m'chaka chimodzi cha msonkho, chifukwa a zamalipiro amatha kukonza m'mabuku awo momwemo. Chaka chikadutsa kampani imakhala itatseka kale mabuku ndi kutumiza malipoti ake, ndiye zimafuna iwe mwini ukapemphe kwa a msonkho, ndipo kumeneko popanda umboni wolembedwa sungayambe nkomwe. Ichi nchifukwa chake alamu anandiumiriza kuti chilichonse chimene tigwirizane, ndituluke ndi kalata yonena kuti ndabweza zingati, pa gulosi, pa bonasi imene inalipidwa tsiku lakuti, komanso ndisunge peyisilipi ya Juni uja yoonetsa msonkho umene unadulidwa. Mwamwayi peyisilipiyo inali mu imelo, ndinaitsitsa ndisanatsekeredwe akaunti ya kuntchito, ndipo inunso chitani zimenezo musanafike tsiku lomaliza chifukwa akatseka atseka.

Tsopano kalata yachiwiri, ya ritenishoni. Apa nkhani inali yaifupi ndipo yowawa. Imati ndilandira 6,000 ngati pa 31 Januwale ndidzakhale ndili pa ntchito, ndisanapereke kapena kupatsidwa notisi, komanso ndilibe mlandu wa disipulini umene ukuyenda. Ine pa 31 Januwale ndinali pa desiki ndithu, ndinagwira mpaka 7 usiku tsiku limenelo, koma ndinali pa notisi, ndiye basi. Ndikanangodikira kupereka notisi pa 1 Febuluwale, masiku 30 okha, 6,000 imeneyo ikanakhala yanga, ndipo pambuyo pa msonkho ikanatsala 4,200 yoti ikanakwirira mbali yaikulu ya ngongole inayo. A ntchito yatsopano nditadzawauza anati akanadikira mwezi umodzi popanda vuto, kungoti sindinafunse. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndithu.

Kenaka nditaganiza mofatsa ndinaona kuti lamulo la notisilo lili ndi nzeru yake kumbali ya kampani. Iwo akulipira kuti mutu wako ukhale pa ntchito yawo mpaka tsiku limenelo, osati thupi lokha lili pampando mtima uli kale kwina. Kungoti kwa wantchito zikutanthauza kuti nthawi yeniyeni imene wamangidwa ndi deti yolembedwayo kuphatikizapo notisi yako yonse. Kwa ine 31 Januwale imatanthauza kuti sindingatuluke pa geti asanafike Epulo. Wa notisi ya miyezi itatu ndiye kuti Meyi. Komanso yang'anani ngati kalata ikusiyanitsa tsiku loyenerera ndi tsiku lolipira, chifukwa ena amalemba kuti uyenera kukhala ulipo ndipo usali pa notisi pa tsiku limene ndalama ikulowa, ndipo tsiku limenelo litha kukhala malipiro a mwezi wotsatira.

Ndinayesa kuganiza zobweza notisi yanga nkuiperekanso mu Febuluwale. Alamu anapukusa mutu, anati notisi ukapereka sungaibweze wekha, pamafunika abwana avomere, ndipo palibe bwana angavomere akudziwa kuti cholinga ndi kutenga bonasi nkuchoka. Ndinafunsabe, ndipo yankho linali lomwelo mwaulemu.

Chinatsala ndi kabwezedwe. Pansi pa kalata ya bonasi yosainira panali ndime yoti ndikuvomera kuti kampani idule ngongoleyi ku malipiro alionse amene ikuyenera kundipatsa pochoka. Ndime imeneyi ndi yofunika chifukwa m'maiko ambiri bwana saloledwa kungodula malipiro a munthu popanda chilolezo cholembedwa kapena lamulo lomulola, ndipo kwina kuli malire a kuchuluka kwa zimene angadule nthawi imodzi, ndiye makampani amatengeratu chilolezocho tsiku loyamba pamene uli wosangalala. Pulani yawo inali yotenga malipiro onse a Febuluwale, amene ndimalandira 3,000 akadula zodula, kuphatikiza 1,300 ya masiku a tchuthi amene sindinapite, zonse 4,300, ndipo 1,700 yotsala ndilipire pasanathe masiku 30. Ndiye kuti mwezi wathunthu wopanda kalikonse, lendi ikudikira, ndipo malipiro oyamba a ntchito yatsopano abwera kumapeto kwa Malichi.

Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti olo pepala lili kumbali yawo pamakhalabe pokambirana, bola upite usanachoke, pamene akukufunabe. Ndinapempha kukumana ndi bwana wanga pamodzi ndi a ofesi ya antchito. Sindinapite ndi ukali, ndinali nditaukalira kale kunyumba. Ndinati "bwana, zimene ndinasaina sindikukana, ndalakwitsa ndekha mawerengedwe, koma ndili ndi zopempha zitatu". Choyamba ndinapempha kuti awerenge mwezi ndi mwezi mpaka tsiku lomaliza, kuti ikhale 2,000. Anakana, anati akachita kwa ine ndiye kuti achita kwa aliyense. Chachiwiri ndinapempha kuti ndibweze pa neti, ndiye kuti pa ndalama imene inalowa mu akaunti mwanga, 4,200. Mayi aja anati akafunsa ku akaunti, yankho linabwera patatha masiku atatu kuti ayi. Chachitatu, choti ndilipire pang'onopang'ono, anavomera, ndipo ndikuganiza kuti chinathandiza ndi choti bwana amafuna ndimusiyire wolowa m'malo mwanga zinthu zolongosoka, ndinali nditalemba kale kabuku ka masamba angapo kofotokoza sisitimu yatsopano ija.

Tinagwirizana motere: atenge 1,300 ya tchuthi yonse, adule 1,500 pa malipiro a Febuluwale kuti nditsale ndi theka, ndipo 3,200 yotsala ndilipire 800 pamwezi kwa miyezi inayi popanda chiwongola dzanja. Ndinakana kutuluka ndi mawu apakamwa, mawu apakamwa ndi amene anandifikitsa pamenepa. Analemba, tinasaina tonse, ndipo ndinapempha kuti aikemo mzere woti ndikamaliza kulipira palibenso china chimene kampani idzandifunse pa nkhani ya bonasiyi, ndi woti adzandipatsa kalata ya umboni ija ya msonkho.

Pali funso limene anzanga awiri anandifunsa nditawafotokozera: bwanji osangochoka nkuwasiya, angakuchite chani? Malipiro omaliza ali m'manja mwawo, ndiye gawo lalikulu akanatenga basi. Chotsalacho ndi ngongole ya pa mgwirizano wosainidwa, atha kukutumizira kalata ya loya, kupereka kwa otolera ngongole kapena kukusumira, ndipo makalata ena amalemba kuti ndalama zimene awononge pokutsatira udzalipira ndiwe. Mwina pa ndalama yochepa sangavutike, koma ine ndimafunanso refarensi yabwino, ndipo anthu a ntchito imodzi amadziwana. Zimasiyana ngati ukuona kuti ndimeyo siyikukukhudza, mwachitsanzo sunasiye wekha koma akuchotsa, apo ndiye osasaina kalikonse kovomera ngongole usanaonane ndi wodziwa malamulo a ntchito.

Nkhani yochotsedwayi ndiikhudze pang'ono chifukwa nditawerenga bwino kalata yanga ndinachita mantha mochedwa. Imati ndibweza ntchito ikatha pa chifukwa china chilichonse kupatula imfa. China chilichonse, ndiye kuti akanandichotsa pa ritirenchimenti m'chaka choyamba, ine wosalakwa, pepala likanawalola kundiuza kuti bweza 12,000. Kalata yolembedwa mwachilungamo imasiyanitsa, ukasiya wekha kapena ukachotsedwa chifukwa cha mlandu waukulu umabweza, koma akakuchotsa chifukwa udindo wako watha, kapena wadwala osathanso kugwira ntchito, subweza. Pa ritenishoni ndi chimodzimodzi koma motembenuza, ngati akuchotsa iwowo tsiku lisanafike popanda mlandu, kalata yabwino imati alipirabe, yonse kapena gawo la nthawi imene wakhala. Popanda mawu amenewo atha kukugwiritsa ntchito mpaka pulojekiti itatsala sabata ziwiri, nkukupatsa notisi, lonjezo nkufera pompo.

Mbali yomaliza ndi ya ntchito yatsopano. Alamu ndi amene anandikankha kuti ndiwauze, ine ndimachita manyazi. Anati makampani ena amalipirira munthu zimene akuluza pochoka kwina, ndi zachizolowezi, koma umayenera kunena musanasainirane, pamene akukufunitsitsa. Ine ndinali nditasaina kale ndiye mphamvu zinali zochepa, komabe ndinalemba imelo yaifupi, ndinaikamo kalata yoonetsa 6,000 ija. Anayankha kuti andipatsa 4,000 ngati bonasi yosainira. Apanso msonkho unadya gawo lake, inalowa 2,800. Amene mukupempha kuti akulipirireni ngongole yotere kumbukirani masamu amenewa, kuti m'manja mutsale 6,000 pa msonkho wa 30 pa 100 pamafunika akupatseni pafupifupi 8,570, mukangotchula 6,000 mudzapeza 4,200.

Ndipo 4,000 imeneyo inabwera ndi kakalata kake, tsamba limodzi, ndime yobweza ili momwemo. Ndinaseka ndekha. Ulendo uno ndinapita nako kunyumba, ndinagona nako masiku awiri, ndinadula mizere ndi pensulo ngati alamu. Inali ya miyezi 12, yobweza yonse, pa gulosi, pa chifukwa china chilichonse. Ndinalemba kupempha zinthu zinayi: awerenge kuchokera tsiku loyamba ntchito mpaka tsiku lomaliza kugwira osati la notisi, ichepe mwezi ndi mwezi, ikhale pa ndalama imene yalowa mu akaunti, ndipo isagwire ntchito ngati andichotsa popanda mlandu. Mtima umagunda kuti mwina aona ngati ndikukonzekera kale kuthawa. Anayankha tsiku lotsatira, anavomera zitatu, ya neti anakana, anati ndi lamulo la ku akaunti. Palibe anakwiya, bambo wa ku ofesi ya antchito anangoti anthu ambiri safunsa.

2,800 ija sindinaikhudze pa china chilichonse, ndinaiika mu akaunti ina yopanda khadi, ndipo ndi imene inalipira 800 zitatu zoyamba ndi theka la yachinayi, 400 yotsalayo ndinaonjezera ya m'thumba. Kalata ya umboni inatenga maimelo atatu ndi foni imodzi kuti ituluke, koma inatuluka, ndipo ndinaipereka kwa a msonkho pamodzi ndi peyisilipi ija kupempha za 1,800 yanga. Gawo lomaliza ndinatumiza kumapeto kwa Juni, masiku awiri chabe pambuyo pa 28 Juni uja, tsiku limene ndikanakhala womasuka osabweza kalikonse ndikanangokhala phee. Mayi akunyumba ndi amene anaona zimenezo pa kalendala, ine sindinazindikire, ndipo mpaka pano akafuna kundiseka amangoti "a pulani, lero mwawerenga kuyambira pati?"